Kakhungu ka sopo kobiriwira: 100 nm kapena 200 nm?

*Ndine mnyamata wa ku Kalingalinga, ndili chaka choyamba cha fizikisi. Atipatsa funso lakuti tipeze kukhuthala kochepetsetsa kwa kakhungu ka sopo ka n = 1.33 kuti kabweze kwambiri kuwala kobiriwira kwa 532 nm. Ine ndapeza 200 nm, mnzanga wapeza 100 nm. M'manotsi mwathu fomula ya m + ½ pena akuti ndi ya kuwala, pena ya mdima. Yoona ndi iti?*

Achimwene, mnzanuyo walasa. Yankho ndi 100 nm. Koma 200 nm yanuyo musaitaye, chifukwa nayo ili ndi tanthauzo lake: ndi kukhuthala kumene mtundu wobiriwira umazimiririka. Manotsi anunso sakunama. Fomula imodzimodziyo imapereka kuwala pa sopo ndi mdima pa galasi la kamera, ndipo chimene chimasankha ndi funso limodzi loyenera kufunsidwa musanagwire kakyuleta: funde latembenuka kangati? Ndikufuna muzitha kuyankha funso limeneli nokha, kuti mafomula muziwapanga pomwepo m'malo mowaloweza.

Tiyambe ndi zimene zimachitika kuwala kukafika pa kakhunguko. Kakhungu ka sopo ndi madzi opyapyala kwambiri okhala ndi mpweya mbali zonse ziwiri, choncho kali ndi malire awiri. Pa malire oyamba, pamene mpweya ukumana ndi madzi, kagawo kakang'ono ka kuwala, pafupifupi 2 pa 100, kamabwerera pomwepo. Kuwala kotsalako kumalowa m'madzi, kufika pa malire achiwiri, ndipo pameneponso kagawo kena kofanana nako kamabwerera, kudutsanso m'madzimo n'kutulukira kumene kunalowera. Diso lanu limalandira mafunde awiriwa pamodzi. Ngati nsonga ya funde lina yagwera pa nsonga ya linzake, awiriwa amathandizana ndipo mtunduwo umawala. Ngati nsonga yagwera m'chigwa cha linzake, amafafanizana. Popeza mphamvu zawo n'zofanana pafupifupi ndendende, kufafanizanako kumakhala kotheratu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa mafunde amenewa. Choyamba ndi ulendo. Funde lachiwiri limayenda mtunda wa t, kukhuthala kwa kakhunguko, polowa ndi t pobwerera, pamodzi 2t. Koma ulendowu ndi wa m'madzi, mmene kuwala kumayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mumpweya, ndipo funde limafupika. Nambala n ndiyo imatiuza kufupikako: kutalika kwa funde m'madzi ndi λ/n, pamene λ ndi kutalika kwake mumpweya. Kwa inu, 532/1.33 ndi 400 nm. Nambala imeneyi muisunge, tiigwiritsa ntchito posachedwapa. Kwa owerenga ena, nm ndi nanomita, ndiye kuti milimita imodzi yogawidwa m'zigawo miliyoni imodzi.

Chachiwiri ndi chimene chakusokonezani, kutembenuka kwa funde pobwerera, kumene m'kalasi amakutcha kusintha kwa feizi. Tengani chingwe, mangani mbali imodzi zolimba pamtengo, mugwedeze mbali inayo kamodzi kupita m'mwamba. Kanthumbira kamathamanga ndi chingwe, kufika pamtengo, n'kubwerera kali chozondoka, koloza pansi. Koma mbali ija ikakhala yomasuka, yomangidwa pa mphete yotha kutsetsereka m'mwamba ndi pansi, kanthumbirako kamabwerera mmene kanapitira. Kuwala kumachita chimodzimodzi. Kukamachokera m'chinthu cha n yaing'ono n'kugunda chinthu cha n yaikulu, funde lobwerera limazondoka, ndipo kuzondokako n'kofanana ndi kuwonjezera theka la funde, λ/2, kapena madigiri 180. Kukamachokera mu n yaikulu n'kugunda n yaing'ono, funde limabwerera losatembenuka. Funde limene ladutsa malire n'kupitirira silitembenuka konse. Kutembenuka ndi nkhani ya lobwerera lokha.

Tsopano tiyike lamuloli pa sopo wanu. Malire oyamba ndi ochokera mumpweya, n = 1.00, kupita m'madzi a sopo, n = 1.33. Kuchoka pochepa kupita pokwera, funde latembenuka. Malire achiwiri ndi ochokera mu 1.33 kupita ku 1.00, ndipo apa palibe kutembenuka. Choncho mafunde awiriwa ayamba kale kusiyana ndi theka la funde tisanawerenge n'komwe ulendo. Kuti agwirizane, ulendo wa m'madzi uyenera kuwonjezera theka lina. Theka la 400 nm ndi 200 nm, ndipo umenewu ndi ulendo wopita ndi kubwera. Kakhunguko kayenera kukhala theka lake, 100 nm. Mwaona kuti tafika pa yankho osalemba fomula ngakhale imodzi.

Inu munatenga ulendo wokwana funde lathunthu, 400 nm kupita ndi kubwera, n'kupeza 200 nm. Zikanakhala zoona pakanapanda kutembenuka kuja. Koma funde lathunthu kuphatikiza theka la kutembenuka, nsonga ikugwera m'chigwa, ndipo kuwala kobiriwira kumafafanizika. Kakhungu ka 200 nm padzuwa kamaoneka kapepo wofiirira, chifukwa pakati pa mitundu yonse pachotsedwa wobiriwira, kwatsala wofiira ndi buluu.

Polemba mayeso, zimenezi muzilembe motere, pamene m = 0, 1, 2 ndi kupitirira. Ngati funde latembenuka pa malire amodzi okha:

kuwala: 2nt = (m + ½)λ
mdima: 2nt = mλ

Ngati latembenuka pa malire onse awiri, kapena silinatembenuke paliponse, mizere iwiriyi imasinthana: 2nt = mλ imapereka kuwala, 2nt = (m + ½)λ imapereka mdima. Chifukwa chake n'chakuti onse awiri akazondoka, kusiyana kwawo kumatha, amakhala ngati sanatembenuke. Mu fomula imeneyi λ ndi kutalika kwa funde mumpweya, 532 nm, chifukwa n ili kale kumanzere. Ophunzira ambiri amagwa pamenepa: amagawa λ ndi n, kenaka n'kuikanso n mu 2nt, n'kupeza 75 nm. Mukapeza 75 nm dziwani kuti n mwaiwerenga kawiri. Mukapeza 133 nm, n mwaiiwala. Mukapeza 200 nm, mwaiwala kutembenuka. Pa m = 0 fomula ikupereka t = λ/(4n) = 532/5.32 = 100 nm. Pa m = 1 ndi 300 nm, pa m = 2 ndi 500 nm, ndipo zimapitirira chotero, kuwonjezera 200 nm nthawi iliyonse.

Umboni wa kutembenukaku mungauone ndi maso anu kukhitchini, ndipo ndikupemphani kuti muyesedi. Sungunulani sopo wamadzi wotsukira mbale m'mbale ya madzi. Mukathiramo timadontho ta gilisalini kakhunguko kamakhalitsa. Viikani kukamwa kwa kapu yakuda, kapena waya wopinda ngati mphete, kuti pakhale kakhungu, ndipo muimike chilili. Tembenukirani kotero kuti kakhunguko kakuonetseni thambo lowala kapena khoma loyera, kumbuyo kwake kukhale kwakuda. M'mwezi wa Okutobala kuno ku Lusaka mpweya umauma kwambiri ndipo kakhungu sikachedwa kuphulika, choncho yesani m'mawa kapena m'nyumba mopanda mphepo. Madzi amayamba kutsikira pansi, kumwamba kumapyapyala, kunsi kumakhuthala. Mizere ya mitundu yopingasa imaoneka ikutsetserekera pansi pang'onopang'ono. Kenaka pamwamba penipeni pamabwera chigawo chotuwa ngati siliva, ndipo pamwamba pa chimenecho pamatseguka malo akuda bii, ooneka ngati pabooka. Sipanabooke. Kakhungu kalipo, koma kapyapyala kufika pa nanomita makumi ochepa kapena kucheperapo, mwakuti ulendo wa 2nt suwerengekanso poyerekeza ndi funde. Chatsala ndi theka la kutembenuka lokha, ndipo limeneli limafafaniza mitundu yonse nthawi imodzi. Pakanapanda kutembenuka, malo amenewa akanakhala owala kuposa pena paliponse. Isaac Newton anawaona malo akudawa pa thovu la sopo n'kuwalemba, ndipo Thomas Young, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndi amene anafotokoza mitundu imeneyi ndi mafunde, naona kuti theka la funde liyenera kuwonjezedwa kuti masamu agwirizane ndi zooneka.

Musadandaule kuti kuwala kofafanizikako kwapita kuti. Sikunatayike. Kumene sikunabwerere kwadutsa kupita kuseri. Pa 200 nm kuwala kobiriwira pafupifupi konse kumadutsa, ndipo pa 100 nm pafupifupi 8 pa 100 kumabwerera, kotsalako n'kudutsa. N'chifukwa chake mukayang'ana zenera molunjika kudzera m'kakhunguko mitundu imaoneka yofooka: kuwala kodutsa n'kochuluka nthawi zonse, ndipo kusintha kwa 8 pa 100 sikuonekera bwino.

Tsopano pali chinthu chimene mabuku ambiri amachidumpha, ndipo kwa ine ndicho chokoma pa nkhani yonseyi. Kakhungu ka 100 nm, kamene mayeso akuti ndiko yankho, padzuwa sikaoneka kobiriwira. Ndi chigawo chotuwa ngati siliva chija. Tiyeni tiwerenge. Mphamvu ya kuwala kobwerera imatsata sin²(π × 2nt/λ). Pa t = 100 nm, 2nt ndi 266 nm. Kwa 532 nm fomula ikupereka 1, pachimake. Koma kwa 400 nm, kumalire a pepo, ikupereka pafupifupi 0.75, ndipo kwa 700 nm, kumalire a kufiira, pafupifupi 0.86. Mitundu yonse ikubwerera mwamphamvu, palibe umene wachotsedwa, choncho diso limaona zoyera. Yankho la 100 nm n'loona pa funso lakuti ndi pati pamene 532 nm ikubwerera kwambiri. Silikulonjeza kuti diso liona msipu.

Kuti mtundu uonekere, sikokwanira kuti iwo uwale. Anzake ayenera kuzima. Pa 300 nm, 2nt ndi 798 nm. Kugawa ndi 1.5 kukupereka 532 nm, pachimake ndithu. Mdima uli pa 798 nm ndi pa 399 nm, kunja pang'ono kapena m'mphepete mwa zimene diso limaona. Pa 450 nm ndi pa 650 nm mphamvu yatsika kufika cha pa 0.43, koma pa 600 nm ikadali cha pa 0.74, motero mtundu wake ndi wobiriwira wopendekera ku chikasu. Pa 500 nm, 2nt ndi 1330 nm. Kugawa ndi 2.5 kukupereka 532 nm, ndipo mdima ukugwera pa 1330/2 = 665 nm, pakati pa kufiira, ndi pa 1330/3 = 443 nm, pakati pa buluu. Apa ndiye pamene kakhungu kamabiriwira kwenikweni, chifukwa adani onse awiri achotsedwa. Munthu akandifunsa kukhuthala kwa mzere wobiriwira kwambiri pa kakhungu ka m'kapu, ndimayankha kuti cha pa 500 nm, osati 100 nm. Choncho mukapeza t, chizolowezi chabwino n'kuwerenga 2nt, kenaka n'kuona mafunde onse a pakati pa 400 ndi 700 nm amene akuwala ndi amene akuzima. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo imakuuzani zimene diso lionedi.

Mukapitirira kunsi kwa kakhungu mitundu imayamba kutha mphamvu. Kupyola 1000 nm mumangoona pinki ndi kubiriwira kofooka zikusinthana, kenaka zoyera. Chifukwa chake n'chakuti 2nt ikakula, mafunde ambiri amakwanira lamulo la kuwala nthawi imodzi, omwazikana pakati pa mitundu yonse, ndipo diso limawasakaniza. Galasi la pazenera la mamilimita atatu lilinso ndi malire awiri, koma silionetsa mitundu pa chifukwa chomwechi. Mukafuna kuyeza kukhuthala pa malo okhuthala, gwiritsani ntchito kuwala kwa mtundu umodzi. Pamenepo mumaona mizere yowala ndi yakuda yokha, ndipo mumawerenga kuchokera pa malo akuda a pamwamba aja. Ndi kuwala kwa 532 nm mzere wowala woyamba uli pa 100 nm, wachiwiri pa 300 nm, wachisanu pa 900 nm. Mtundu pawokha sukuuzani m, koma kuwerenga mizere kuchokera pamwamba kumakuuzani.

Tibwere pa galasi, kumene fomula ija imasanduka ya mdima. Magalasi a kamera ndi ena a maso amakutidwa ndi kakhungu kochepetsa kunyezimira. Kosavuta kwambiri ndi ka MgF₂, kamene n yake ndi 1.38, koikidwa pa galasi la n = 1.52. Yendani pa malire. Kuchokera 1.00 kupita 1.38, latembenuka. Kuchokera 1.38 kupita 1.52, latembenukanso. Kutembenuka kuwiri, kusiyana palibe, choncho ulendo wokha ndi umene ulamule. Tikufuna mdima pa 550 nm, pamene diso limaona kwambiri, ndiye ulendo ukhale theka la funde: t = 550/(4 × 1.38), pafupifupi 99.6 nm. Taonani bwino. Kukhuthala kwake n'kofanana ndi kwa sopo wanu, n nayonso siili kutali, koma sopo amabweza kuwala kobiriwira mwamphamvu pamene galasi limakuzimitsa. Chasintha ndi chimene chili kuseri kwa kakhungu basi.

Pa galasi mdimawo sukhala wotheratu, chifukwa mafunde awiri aja sali ofanana mphamvu. Galasi lopanda kanthu limabweza pafupifupi 4 pa 100 pa malire aliwonse, ndipo MgF₂ imatsitsa zimenezi kufika cha pa 1.3 pa 100. Kuti zifike pa ziro, n ya kakhungu ikanayenera kukhala √1.52, pafupifupi 1.23, ndipo zinthu zolimba za n yotsika chotero n'zosowa. N'chifukwa chake opanga magalasi amasanjikiza timakhungu tingapo. Galasi la kakhungu kamodzi mukalipendeketsa pa kuwala limaoneka lapepo, popeza pakati pazimitsidwa koma kufiira ndi buluu zikubwererabe pang'ono.

Oyilo wa galimoto pa madzi a mvula, amene mumamuona pa phula la pa siteshoni ya minibasi mu Disembala, amasokoneza anthu chifukwa amaganiza kuti popeza pali zinthu zitatu zosiyana, ndiye kuti n'chimodzimodzi ndi galasi. Musaweruze ndi maina a zinthu, yang'anani manambala. Titi oyiloyo ali ndi n = 1.45. Kuchokera 1.00 kupita 1.45, latembenuka. Kuchokera 1.45 kupita m'madzi a 1.33, silinatembenuke. Kamodzi kokha, ngati sopo. Kuti 580 nm, chikasu, ibwerere kwambiri, t yochepetsetsa ndi 580/(4 × 1.45) = 100 nm. Oyilo yemweyo mukamupaka pa galasi la 1.52, malire achiwiri nawo amatembenuza, ndipo yankho limakhala 580/(2 × 1.45) = 200 nm. Onaninso kuti pamene kuwala kuli 2nt = mλ, kukhuthala kochepetsetsa kumatenga m = 1, chifukwa m = 0 ikutanthauza kuti kakhungu palibe. Aphunzitsi amakonda kutchera msampha pamenepa.

Zonse zimene tawerengazi zikutenga kuti kuwala kukugwa molunjika pa kakhungu. Mukayang'ana chopendekera, 2nt imasanduka 2nt cos r, pamene r ndi kupendekeka kwa kuwala m'kati mwa kakhungu, osati kunja, ndipo mumaipeza ndi lamulo la Snell, sin i = n sin r, pamene i ndi kupendekeka kwa kunja. Ambiri amayembekezera kuti kusiyana kwa ulendo kukule chifukwa funde likuyenda chopingasa m'madzi. Kumachepa. N'zoona kuti funde la m'kati limayenda mtunda wotalikirapo, koma limatulukira patsogolo pang'ono, ndipo funde loyamba lija nalo limakhala litayenda mtunda wina mumpweya kuti lifanane nalo. Mukachotsera mtunda umenewo pamatsala 2nt cos r. Tengani kakhungu ka 300 nm, muyang'ane pa madigiri 45. Sin r ndi 0.707/1.33 = 0.532, cos r ndi 0.847, ndipo 798 × 0.847 ndi 676 nm. Kugawa ndi 1.5 kukupereka pafupifupi 451 nm. Malo omwewo amene anali obiriwira mukuyang'ana molunjika tsopano ndi abuluu. Ngati funso silinatchule kupendekeka, tengani cos r = 1 ndipo mulembe pa pepala kuti mwatenga chomwecho. Likatchula madigiri, onetsetsani ngati ndi a kunja kapena a m'kati musanawaike mu fomula.